Chikasu chimodzi m'maonekedwe atatu: zolemba za ntchito yopenta chipinda

Ntchito yake ndi yopenta chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali, ndipo mtundu woyambira ndi umodzi wokha, chikasu chopendekera ku olenji chimene ndimachikonda. Chikasu chimenechi chimakongola pa chinthu chaching'ono, koma kuchipaka makoma onse anayi chingatopetse maso. Choncho ndikufuna abale ake atatu. Pamakoma pakhale choyererapo, pachitseko ndi pafelemu ya zenera pakhale choderapo, ndipo pakabati pakhale chofatsa, chosalasa m'maso. Ojambula ndi opanga penti amati ukathira zoyera mu mtundu wapanga tinti, ukathira zakuda wapanga shedi, ukathira zotuwa wapanga toni. Kunena kwake n'kosavuta choncho, koma m'chitini zinthu zinayenda mwina.

## 3 Malichi: zipangizo

Ndasonkhanitsa zitini ziwiri za chikasu, chilichonse cha lita imodzi, ndowa ya penti yoyera ya malita 10, ndi timabotolo ta penti yakuda ndi yofiira ta mamililita 100. Zonse ndi penti ya madzi, ya akiliki. Penti ya madzi sisakanizika ndi ya mafuta, ndiye aliyense wofuna kutsatira njirayi aone kaye zolembedwa pachitini kuti zonse ndi za gulu limodzi. Zina ndi masirinji awiri opanda singano, ya mamililita 20 ndi ya mamililita 2, makapu apulasitiki, timitengo totakasira, makatoni oyera olimba, bulashi yaing'ono ndi cholembera chosafufutika.

Zitini ziwiri za chikasu ndazikhuthulira mu chigubu chimodzi n'kutakasa. Dzina pachitini lingakhale limodzi, koma penti yopangidwa masiku osiyana imasiyana pang'ono, ndipo ndikufuna kuti zoyesa zonse zichokere pa chikasu chimodzimodzi.

## 4 Malichi: kuyamba pa kompyuta

Ndisanawononge penti ndinafuna kuona kumene ndikupita. Ndinasankha pa kompyuta mtundu woyandikira chikasu changa, ndipo nambala yake ndi `#E0A020`, kutanthauza kuti kufiira ndi 224, kubiriwira 160, buluu 32, pa muyeso wolekezera 255. Masamu ake ndi awa, ndipo amachitidwa pa nambala iliyonse mwa zitatuzo payokha:

```
tinti = c + (255 - c) * t
shedi = c * (1 - t)
toni  = c + (128 - c) * t
```

Apa `c` ndi nambala ya mtundu, ndipo `t` ndi gawo la zoyera, zakuda kapena zotuwa limene ukuthira, kuyambira 0 mpaka 1. Nditaika `t` pa 0.75 tinti inatuluka `#F7E7C7`, yoyera koma yofunda. Shedi ya 0.4 inatuluka `#866013`, ndipo toni ya 0.5 inatuluka `#B09050`.

Zinthu ziwiri zinaonekera pomwepo. Shedi ija sinaoneke ngati chikasu chakuda ayi, inaoneka ngati bulauni wopita ku girini, ngakhale kuti pa kompyuta palibe girini amene anawonjezedwa. Maso a munthu ndi amene amaona chikasu chodetsedwa motero. Chachiwiri, toni ija inada kuposa chikasu choyambira, pamene ine ndinkafuna kuti ingofatsa osada. Chifukwa chake n'chakuti kutuwa kwa 128 n'koderapo kuposa chikasu changa. Kutuwa kolingana nacho kuwala kuli cha pa 172. Nditasintha 128 kukhala 172 ndinapeza `#C6A666`, ndipo iyi ndiye inali toni yeniyeni, kuwala kuli pomwepo koma ukali watsika.

Amene amagwiritsa ntchito `HSL`, njira ina yolembera mitundu pa kompyuta, asamale ndi nambala ya `L`, yoimira kuwala. Chikasu changa chili cha pa `hsl(40, 75%, 50%)`, ndipo munthu angaganize kuti 50 akutanthauza pakati peni peni pa zoyera ndi zakuda. Koma chikasu cha `#FFFF00` ndi buluu wa `#0000FF` onse ali ndi `L` ya 50, pamene kuwala kumene chikasucho chimatulutsa ndi pafupifupi magawo 93 pa 100 a zoyera, ndipo buluuyo ndi magawo 7 okha. Chikasu chimabadwa chili kale pafupi ndi zoyera. Mpata wochiyeretsa ndi waufupi, mpata wochidetsa ndi wautali, koma mu mpata wautaliwo chimasiya msanga kukhala chikasu. Mfundo imeneyi ndi imene yalamulira ntchito yonse.

## 6 Malichi: makwerero a tinti

Muyeso wa pa kompyuta, magawo 3 a zoyera pa gawo limodzi la chikasu, sunagwire ntchito m'kapu. Kompyuta imawerengetsa kuwala, pamene m'kapu mukulimbana ufa wa mitundu, ndipo ufa uliwonse uli ndi mphamvu zake. Zimene zinatuluka zinali chikasu ndithu, chokhuta kuposa tinti ya pa kompyuta ija.

Ndiye ndinapanga makwerero. M'makapu asanu ndinasakaniza chikasu ndi penti yoyera pa miyeso ya 1:1, 1:2, 1:4, 1:8 ndi 1:16. Zoyera ndimaziwirikiza kawiri pa sitepe iliyonse chifukwa maso amavutika kuona kusiyana pakati pa 1:8 ndi 1:9, koma pakati pa 1:8 ndi 1:16 amaona bwino. Pamiyeso yoyera kwambiri ndimayamba kuthira zoyera m'kapu, kenako chikasu pang'onopang'ono ndi sirinji yaing'ono. Kapu yoyamba ndinaiyamba ndi chikasu chambiri n'kumathiramo zoyera, ndipo inadzaza mpaka pakamwa isanafike poyera pamene ndinkafuna. Mamililita pafupifupi 150 anatha pamenepo. Mtundu wamphamvu ndi umene umapita mu wofooka, woderapo umapita mu woyererapo.

Kapu iliyonse ndinaipaka pa katoni kawiri, n'kulemba muyeso kumbuyo kwake nthawi yomweyo. Kapu yosalembedwa ndi penti yotayika, chifukwa ikauma palibe amene angakumbukire kuti munalowa zingati.

## 7 Malichi: zauma, ndipo zasintha

Makatoni onse ada pang'ono poyerekeza ndi mmene analili ali onyowa. Si vuto la penti yanga, ndi mmene akiliki amachitira. Zomatira zimene zimagwira ufa wa mtundu zimakhala mbuu zikanyowa, ndipo zikauma zimaonekera mkati, mtundu n'kutuluka wokhuta. Ndinatsimikiza podontheza penti yonyowa pambali pa youma ya kapu yomweyo, ndipo dontholo linaoneka loyererapo. Kuyambira lero sindikuweruza mtundu uliwonse usanaume. Choumitsira tsitsi chikuthandiza, chifukwa katoni ikuuma m'mphindi zochepa m'malo modikira.

Vuto lalikulu ndi lina. Pa 1:8 ndi 1:16 kufunda kuja kwathawa. Chikasu changa chimapendekera ku olenji, koma tinti zake zazizira, zayamba kutuwa ngati choko ndipo zikupendekera mbali ya girini. Penti yoyera yambiri imapangidwa ndi ufa wa titaniyamu, umene pa machubu a ojambula umalembedwa `PW6`. Ufa umenewu umaphimba kwambiri, ndipo ukalowa mu mtundu wofunda umauziziritsa. Pa 1:1 ndi 1:2 sizioneka kwenikweni, koma zoyera zikachuluka kusinthako kumakula. Tinti ya 1:16 nditaiika pambali pa chikasu choyambira sizinaoneke ngati za banja limodzi.

Mankhwala ake ndi kubwezera kufiira pang'ono. Penti yofiira imene ndili nayo ndi ya mtundu wa dothi, yolembedwa `PR101`, yofiira moderako. Kuidontheza mwachindunji m'kapu ya tinti sikunathandize, dontho limodzi linasandutsa kapu yonse kukhala pinki. Ngakhale dontholo likanakwanira, dontho si muyeso umene munthu angauchulukitse pokonza malita 7. Njira imene yagwira ndi kufunditsa chikasucho chisanakumane ndi zoyera: mamililita 39 a chikasu ndi mililita imodzi ya penti yofiira, kutakasa bwino, kenako kugwiritsa ntchito chosakanizachi popanga makwerero atsopano. Pachokha chikasu chofunditsidwachi chimaoneka ngati chapitirira ku olenji, koma chikalowa m'zoyera pa 1:8 chimabwerera pamene chinayenera kukhala. Ndinayesanso 19 pa 1, ndipo tinti yake inapita ku mtundu wa khungu lofiirira, choncho ndakhazikika pa 39 pa 1.

## 10 Malichi: shedi yasanduka girini

M'makapu atatu ndinathira mamililita 20 a chikasu chosafunditsa, kenako penti yakuda theka la mililita, mililita imodzi, ndi mamililita 2. Ngakhale kapu yoyamba, imene zakuda zinali gawo limodzi lokha pa 40, inasintha moonekeratu. Yachiwiri inali girini wotuwa. Yachitatu inali girini woderako weniweni, woti munthu wolowa m'chipinda sangakhulupirire kuti munalowa chikasu.

Pa kompyuta ndinali nditaona kale kuti chikasu chodetsedwa chimapita ku girini, koma mu penti vutolo likuwirikiza. Penti yakuda ya kaboni, `PBk7`, si yakuda yopanda mbali. Ili ndi kabuluu kobisika, kamene kamaonekera ukaisakaniza ndi zoyera, poti zimene zimatuluka ndi kutuwa kozizira. Kabuluu kameneka kakakumana ndi chikasu kamabala girini, monga mmene buluu aliyense amachitira ndi chikasu. Komanso mphamvu yake ndi yoopsa. Kapu ikada mopitirira, kuibweza kumafuna chikasu chochuluka kwambiri, kotero ndi bwino kuitaya n'kuyamba ina. Mamililita 60 a chikasu apita.

Ndinayesa kuthira penti yofiira mu kapu yachiwiri ija kuti iphe giriniyo. Zinathekadi, chifukwa kufiira ndi girini zimazimitsana, koma panafunika kuthira, kutakasa, kuumitsa, kuthiranso, ndipo chotuluka chinali bulauni wamatope wopanda moyo. Mitundu itatu yolimbana m'kapu imodzi imavuta kuibwereza pa muyeso waukulu. Ndaona kuti ndi bwino kupeza chodetsera china.

## 12 Malichi: kudetsa ndi bulauni

Ndagula botolo la mamililita 500 la penti ya bulauni wofiirira woderako, wa dothi lowotcha, wolembedwa `PBr7`. Bulauni ndi olenji wakuda kale, choncho ali m'njira imodzi ndi chikasu changa. Akamadetsa amabweretsa kufiira kwake komwe, ndipo girini sapeza mpata. Ubwino wina ndi woti alibe mphamvu ngati zakuda, ndiye miyeso yake ndi yaikulu, yosavuta kuyeza: sukulimbana ndi theka la mililita.

Makwerero anali chikasu ndi bulauni pa 8:1, 4:1, 3:1, 2:1 ndi 1:1. Pa 8:1 kusiyana ndi chikasu choyambira n'kochepa, munthu angaganize kuti ndi penti yakale yothimbirira. Pa 4:1 ndi 3:1 mpamene pali chimene ndinkafuna, mtundu wokhuta ngati mkuwa wakale, woti ukauika pambali pa chikasu umaona kuti ndi mkulu wake. Pa 2:1 chikasu chayamba kubisala, ndipo pa 1:1 ndi bulauni basi. Ndasankha 3:1.

Apa pali malire amene ndawavomereza. Ndinkalakalaka chitseko chakuda bii koma chooneka chachikasu, ndipo mtundu wotero kulibe. Ngakhale mu dongosolo la mitundu la Albert Munsell, limene analisindikiza koyamba mu 1905 ndipo limayika kuwala pa muyeso wa 0 mpaka 10, chikasu chimafika pa ukali wake wonse chili cha pa 8, pamwamba ndithu. Ukachitsitsa kwambiri chiyenera kusankha kukhala bulauni kapena girini wotuwa. Ntchito ya wosakaniza ndi kungosankha mbali imene chigwere, ndi kudziwa poimira.

Njira ina imene ojambula amagwiritsa ntchito ndi kudetsa ndi mtundu wotsutsana nawo, umene kwa chikasu ndi pepo. Sindinaitsate chifukwa pepo amadetsa n'kutuwitsa nthawi imodzi, pamene pachitseko ndikufuna mtundu wokhuta.

## 14 Malichi: toni ya kabati

Kutuwa kopangidwa ndi zoyera ndi zakuda zokha kunabweretsa vuto lomwe lija pang'ono. Nditasakaniza ndi chikasu pa 1:1 panatuluka mtundu wotuwa wopendekera ku girini, wooneka wodwala. Chifukwa chake ndi kabuluu ka penti yakuda kaja. Ndiye ndapanga kutuwa kofunda: magawo 54 a zoyera, 5 a bulauni ndi gawo limodzi la zakuda.

Chovuta pa toni ndi kudziwa ngati kutuwako kukulingana kuwala ndi chikasu. Maso amanama pamenepa, chifukwa mtundu waukali umaoneka wowala kuposa mmene ulili. Ndinapaka mzere wa chikasu ndi mzere wa zotuwa mogundana pa katoni imodzi, zitauma n'kujambula ndi foni, kenako n'kuchotsa mitundu yonse pa chithunzicho kuti chikhale cha zoyera ndi zakuda. Ngati mizere iwiriyo ikusungunukirana moti malire sakuoneka bwino, kuwala kwake n'kofanana. Kutuwa kwanga koyamba kunaoneka koderapo pa chithunzi, ndipo ndinawonjezera zoyera mpaka malirewo anazimirira, n'kufika pa muyeso uli pamwambawu. Mafoni amasiyana kachotsedwe ka mitundu, choncho si muyeso wa mu labotale, koma kusiyana kwakukulu amakugwira. Wopanda foni atsinzine pang'ono n'kuyang'ana mizereyo, zimathandizanso.

Chikasu ndi kutuwa kofunda pa 2:1 chinali chidakali chaukali. Pa 1:2 chinafota kwambiri. Pa 1:1 ndi pamene chafatsa koma chikudziwika kuti ndi chikasu. Pa katoni yokha toni imeneyi sikopa maso, imaoneka ngati yafumbi. Koma nditaiika pakati pa tinti ndi shedi ndi imene inagwirizanitsa ziwirizo. Kwa ine toni ndi mtundu wosayenera kuuweruza uli wokha.

Chithunzi chopanda mitundu chija ndinachigwiritsanso ntchito pa makatoni onse atatu pamodzi. Tinti inali yoyera, toni pakati, shedi pansi, ndipo mipata yake inali yoonekera. Zikanayandikana kwambiri, kabati ndi chitseko zikanasokonezana madzulo kuwala kukachepa.

## 17 Malichi: kuyesa pakhoma

Pa tebulo tinti imene inandikopa ndi ya 1:4. Ndinapaka makatoni awiri akuluakulu a masentimita 50 mbali zonse, imodzi 1:4 ina 1:8, n'kuwamata pakhoma ndi tepi. Itakula, 1:4 inasanduka yaukali kwambiri. Mtundu ukatenga malo aakulu umaoneka wokhuta kuposa pa kachidutswa, ndipo m'chipinda makoma amaponyerana kuwala, chikasu cha khoma ili n'kuwonjezera cha khoma ilo, makamaka m'makona. Ya 1:8, imene pa tebulo inkaoneka yofooka, pakhoma ndi imene inaoneka mmene 1:4 inkaonekera m'manja. Ndatenga 1:8.

Khoma lakale ndi la buluu wotuwa, ndipo linasokoneza maso. Katoni ikagundana nalo inkaoneka ya olenji kuposa mmene ilili, chifukwa mtundu wozungulira umakankhira mnzake ku mtundu wotsutsana nawo. Ndinamata mapepala oyera kuzungulira katoni iliyonse ndipo mtundu weniweni unabwerera.

Makatoniwo ndinawasuntha khoma ndi khoma. Pa khoma loyang'anana ndi zenera tinti inatsala pang'ono kuoneka yoyera mbee masana, pamene pa khoma la zenera lenilenilo, limene limakhala mu mthunzi, inali yokhuta. Usiku kunabwera china. Babu la m'chipindamo ndi la 2700 K, la kuwala kofiirira, ndipo pansi pake tinti inasanduka chikasu chenicheni, shedi inafiira, toni inataya kufatsa kwake. Sindinasinthe penti. Ndinasintha babu n'kuika la 4000 K, la kuwala koyererapo, ndipo mitundu ya usiku yayandikira ya masana. Babu limodzi ndi losavuta kusintha kuposa malita 7 a penti.

## 19 Malichi: kuchulukitsa miyeso

Makoma anayi ndi mamita 14 kuzungulira, kutalika kwake mamita 2.5, ndiye ndi masikweya mita 35. Kuchotsa chitseko ndi zenera kwatsala pafupifupi 31. Pachitini palembedwa kuti lita imodzi imakwana masikweya mita 10 pa kupaka kumodzi, ndipo ndipaka kawiri, choncho pakufunika malita 6.2. Ndakonza malita 7.2 kuti patsale yokonzera. Kusakaniza yochepa n'kudzawonjezera ina pakati pa ntchito n'koopsa, chifukwa zosakaniza ziwiri sizifanana ndendende ndipo mzere umaonekera pakhoma.

Miyeso yomaliza ndi iyi. Ya makoma: chikasu mamililita 780, yofiira 20, yoyera malita 6.4. Ya chitseko ndi felemu: chikasu 600, bulauni 200. Ya kabati: chikasu 300, yoyera 270, bulauni 25, yakuda 5. Zoyesa zonse zadya chikasu pafupifupi mamililita 250 ndi zoyera pafupifupi theka la lita. Umenewu ndiye mtengo wa makwerero, ndipo chikasu chimene chatsala m'chigubu n'chongokwana kapu yaing'ono.

Poyeza zambiri sirinji yaing'ono sithandiza, ndagwiritsa ntchito jagi yokhala ndi mizere ya mamililita, n'kumakokota zotsalira m'mbali mwake ndi kamtengo. Penti ndi yolimba, imakakamira, ndipo mamililita 30 otsalira mu jagi pa chikasu cha 780 amayeretsa mtundu pang'ono. Yofiira ya mamililita 20 ndinayeza ndi sirinji, n'kuyamba kuisakaniza ndi chikasu payokha monga pa zoyesa zija. Ndisanatseke ndowa ndinapaka pang'ono m'mphepete mwa katoni ya 1:8 ija, n'kuumitsa. Malire sanaoneke.

## 21 Malichi: andakoti ndi kupaka koyamba

Mitundu ya chikasu siphimba bwino, ndipo buluu wakale akanaonekera pansi n'kubweretsa girini amene ndakhala ndikumuthawa. Makoma alandira andakoti yoyera, malita pafupifupi 4, ndipo matabwa a chitseko ndi kabati ndawakwecha ndi sandipepala n'kuwapaka andakoti ya matabwa.

Kupaka koyamba kwaonetsa vuto. Khoma lomaliza latuluka lokhuta pang'ono kuposa loyamba, ndipo pa rola panaoneka timizere ta chikasu chosasungunuka. Chikasu china chinakhala pansi ndi m'makona a ndowa, pamene kamtengo sikanafike. Ndiye penti ya pamwamba inali yoyererapo ndipo ya pansi yokhuta. Yotsalayo ndaikhuthulira mu ndowa ina, n'kukokota pansi, n'kuibwezanso, kangapo konse mpaka mtundu unakhala umodzi. Popeza ya pamwamba imene inapita kukhoma inali ndi zoyera zochulukirapo, yotsalayi inakhuta pang'ono kuposa katoni yanga. Ndinathiramo zoyera mamililita 200, kuumitsa pa katoni, ndipo zinagwirizananso.

## 23 Malichi: kupaka kwachiwiri, chitseko ndi kabati

Kupaka kwachiwiri kwabisa kusiyana kuja. Ndinayamba ndi kumaliza khoma lililonse pa kona, osaima pakati, ndipo ndimatakasa ndowa nthawi iliyonse ndisanathire mu thireyi.

Shedi ya pachitseko pa kupaka koyamba inaoneka yamawangamawanga ndi yoyererapo kuposa katoni, chifukwa andakoti yoyera inkasuzumira pansi pake. Pa kupaka kwachiwiri inakhazikika, ngakhale kuti m'mizere ya chitseko ndinabwerezanso ndi bulashi yaing'ono. Pa mtundu woderapo chonchi andakoti yotuwa ikanachepetsa ntchito. Kabati sinavute, chifukwa toni ili ndi zoyera zambiri ndipo imaphimba bwino.

Mnzanga amene anabwera kudzathandiza kunyamula kabati amakonda mtundu wofiira, ndipo anafunsa ngati miyeso yangayi ingamuthandize. Miyesoyo singathandize, chifukwa mtundu uliwonse umathawira mbali yake. Wofiira ukalandira zoyera umasanduka pinki wozizira wopendekera ku pepo, ndipo kuti ukhalebe wofunda umafuna kachikasu kapena kaolenji. Olenji akalandira zakuda amapita ku bulauni. Buluu amapirira zakuda bwino kuposa chikasu, popeza ndi woderapo kale ndipo kabuluu ka penti yakuda sikamusokoneza, koma buluu wa `PB15` ndi wamphamvu moti makwerero a tinti yake amayenera kupitirira patali 1:16 asanafike poyera pa khoma. Ndinamupatsa masirinji ndi makatoni otsala kuti akapange makwerero akeake.

## 30 Malichi: pamene ntchito yafika

Makoma, chitseko, felemu ndi kabati zatha. Kabati ndinaiyesa ndi chikhadabo pamalo obisika ndipo penti idakali yofewa pang'ono. Akiliki amauma pamwamba m'maola ochepa koma amatenga masabata angapo kuti alimbe mpaka mkati, choncho sindinaikepo zinthu zolemera, ndipo zitseko zake ndazisiya zotsegula pang'ono kuti zisamatirane.

Penti yotsala ndaithira m'mabotolo atatu otseka bwino, ndipo pa lililonse ndalemba muyeso wake wonse, kuphatikizapo zoyera za mamililita 200 zowonjezera zija, n'kupaka kadontho pa chivindikiro. Makatoni atatu osankhidwa ndawasunga mu envulopu kuti asapsye ndi dzuwa, poti ndi amene ndidzayerekezere nawo ndikadzafuna kusakaniza ina. Denga silinapakidwe. Zoyera zatsala malita oposa awiri, ndipo ndikufuna kuyesa kuthiramo tinti ya makoma pang'ono, mwina gawo limodzi pa magawo 4 a zoyera, chifukwa denga loyera mbee pamwamba pa makoma ofunda likuoneka ngati labuluu. Katoni yake ndaimata kudenga kuti ndiione masana ndi usiku ndisanasakanize zambiri.